Kalembedwe Kamodzi: Malangizo kwa Atolankhani Atsopano a m'Midzi ya ku Mambwe

Kabuku kano talembera anyamata ndi atsikana amene mwayamba kutumiza nkhani ku wailesi kuchokera m'midzi ya kuno ku chigwa cha Luangwa, ndiponso magulu omvera wailesi amene amakuthandizani kuzisonkhanitsa. Ambiri a inu mumalemba pa foni muli pakhomo, nthawi zina usiku njovu zitangochoka m'munda. Uthenga wanuwo umadutsa m'manja mwa mkonzi, kenaka muulutsi amauwerenga mokweza, ndipo nthawi zambiri amauona koyamba ali kale pa mphepo. Muulutsiyo sanapondepo m'mudzi mwanu, ndipo alibe mpata wokuimbirani kuti mumasulire. Chimene mwalemba ndicho adzanena. Womvera nayenso sangabwerere m'mbuyo ngati wowerenga nyuzipepala. Akamva molakwika, wamva molakwika basi. N'chifukwa chake tonse tiyenera kulemba mofanana zinthu zinayi izi: zilembo za mawu, maudindo a anthu, manambala ndi zidule.

Zilembo: sankhani njira imodzi

Chinenero chathu chili ndi kalembedwe kawiri. Amene munaphunzira m'sukulu za Zambia munazolowera kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977, kolemba "Cinyanja", "cakudya", "nchito". Mabuku ndi manyuzipepala a ku Malawi amalemba "Chinyanja", "chakudya", "ntchito". Palibe kolakwika pa kawiri konseka. Cholakwika n'kusakaniza, chifukwa zilembo ziwiri za "ch" sizimveka chimodzimodzi m'njira ziwirizi. M'kalembedwe ka kusukulu, "kuca" ndi kwa m'mawa ndipo "kucha" ndi kwa msampha. M'kalembedwe kenako, "kucha" ndi kwa m'mawa ndipo kwa msampha ndi "kutcha". Kuno kumene nkhani za misampha ya waya sizitha, muulutsi ayenera kudziwa msanga kuti mawu amene akuwaonawo ndi ati.

Ife tasankha "ch" ndi "tch", ndipo kabuku kano kalembedwa motero. Chifukwa chake n'chakuti maina a malo ali kale ndi "ch" pa zikwangwani ndi pa zikalata za boma: Chipata, Chama, Chadiza. Sitingalembe "Cipata" pamene basi imene tikwera yalembedwa "Chipata". Momwemonso tikulemba "njovu" ndi "vuto", osati "njobvu" ndi "bvuto". Mwana wa sukulu amene akukuthandizani kulemba asasokonezeke: m'kalasi ndi pa mayeso apitirize kulemba monga aphunzitsi amuuzira. Lamulo lathuli ndi la nkhani za wailesi zokha.

Kalembo ka "h" ndiko kamasowa kwambiri m'mauthenga a pa foni, pena n'kupezeka pamene sikafunika. Kuponya ndi kuphonya ndi zinthu ziwiri zotsutsana: woponya mwala wautulutsa m'manja, wophonya walephera kulasa. Ikani chikhatho pafupi ndi pakamwa n'kutchula mawuwo. Mukamva kampweya kakukuombani, pamenepo pali "h".

Nkhodolero, kachizindikiro kapamwamba kaja, nayo imasintha tanthauzo. Mbale ndi yodyeramo, m'bale ndi munthu. Ng'oma ndi yovinira pa Malaila, ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana ya m'thengo. Mukalemba kuti munthu wagwidwa ndi ngoma, mukutanthauza ng'oma, mwamuika pa mlandu wa nyama pamaso pa boma lonse. Foni zambiri zimabisa nkhodolero pa tsamba lachiwiri la zilembo. Ifunefuneni, ndipo muzimitse chokonza mawu chokha cha m'fonimo, chifukwa chimasandutsa mawu athu kukhala achizungu inu osaona.

Dzina la munthu lili ndi lamulo lakelake: limalembedwa monga mwini wake amalilembera, ngakhale zitasemphana ndi zonse tanenazi. Mufunseni alitchule lembo ndi lembo, kapena alilembe yekha m'kope lanu. Phiri ndi Piri, Mbewe ndi Mbeŵe, Sakala ndi Zakala, musaganizire. Pa maina a malo, samalani ndi amene ali pawiri. Luangwa ndi mtsinje wathu, komanso ndi boma lina kutali kumunsi, kumene mtsinjewu umathira mu Zambezi, komwe kale kunkatchedwa Feira. Mukalemba kuti "ku Luangwa kwasefukira madzi", anthu a ku Lusaka adzayang'ana kolakwika. Lembani kuti mtsinje wa Luangwa wasefukira ku Mfuwe, kapena kuti wasefukira ndi Lupande, ngati ndi umenewo. Dzina loti Mambwe nalonso ndi la boma lathu komanso la mtundu wa anthu a ku Mbala, kumpoto. Choncho koyamba nenani kuti "boma la Mambwe".

Maudindo: ndani ali yani

Pano m'pamene wailesi imapalamula milandu yopita kubwalo la mfumu. Akunda a m'boma lino ali ndi mafumu asanu ndi mmodzi: Nsefu, amene ndi mfumu yaikulu, ndiye Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Koyamba lembani udindo wonse: "Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda", "Mfumu Kakumbi". Mukawatchulanso m'nkhani yomweyo, nenani kuti "amfumu", ndipo aneni onse akhale aulemu: "amfumu anena", "amfumu apempha", osati "wanena". Dzina la Mnkhanya mudzaliona litalembedwanso "Mkhanya". Ife tikusunga "Mn" kumayambiriro nthawi zonse. Mfumu imatchulidwa ndi dzina la mpando, kaya wokhalapo ndi bambo kapena mayi. Dzina lake lobadwa nalo limalowa m'nkhani pa kulongedwa ufumu kapena pa maliro pokha, ndipo za imfa ya mfumu simutumiza mpaka a banja lachifumu atalengeza okha.

Mawu oti "amfumu" m'midzi timawagwiritsa ntchito kwa aliyense wolamulira, ndipo m'nkhani zimenezi zimasokoneza. Woyang'anira mudzi umodzi ndi nyakwawa, wothandiza mfumu kubwalo ndi nduna. Nduna ikalankhula pa msonkhano, lembani kuti "nduna ya Mfumu Jumbe yati", ndipo ngati yatumidwa kukaimira mfumu, nenani zimenezo. Kuika mawu a nduna kapena a nyakwawa m'kamwa mwa mfumu n'kulakwira onse awiri, makamaka pa nkhani za malo. Onaninso kuti "nduna" ndi dzinanso la nduna ya boma ya ku Lusaka kapena ya chigawo ku Chipata, choncho liwuli lisayende lokha: nduna ya mfumu yakuti, nduna ya unduna wakuti. Mafumu a mitundu ina akabwera m'nkhani, apatseni maudindo a kwawo: Kalonga Gawa Undi wa Achewa, wa ku Mkaika ku Katete, ndi Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni ya Angoni.

Ku boma kuli anthu asanu amene atolankhani atsopano amawasinthanitsa. Disii amasankhidwa ndi boma ndipo amaimira boma la dziko lonse m'boma lino. Wapampando wa khonsolo amasankhidwa ndi anthu pa voti. Mlembi wa khonsolo ndi wolembedwa ntchito amene amayendetsa maofesi a khonsolo. Phungu wa Nyumba ya Malamulo amaimira dera lachisankho, ndipo dzina la dera ndi Malambo, osati Mambwe: "phungu wa Malambo". Khansala ali ndi wadi yake, ndipo dzina la wadiyo litchulidwe. Kusiyanitsaku si ulemu wokha. Womvera amene akufuna kudandaula za mlatho kapena chitsime ayenera kumva bwino amene walonjeza, kuti akagogode khomo loyenera.

Udindo umayamba, dzina n'kutsatira, chifukwa khutu limagwira udindo msanga kuposa dzina lachilendo: "Mphunzitsi wamkulu wa sukulu yakuti, Mayi Uje, ati..." Munthu wamkulu aliyense ndi Bambo kapena Mayi, kaya ndi mlimi, msodzi kapena woimbidwa mlandu. Ine sindiona chifukwa chopatsa mkulu wa ofesi ulemu wonse n'kutchula mayi wa m'mudzi ndi dzina loyamba lokha ngati mwana. Atsogoleri a mipingo atchuleni monga mipingo yawo imawatchulira: abusa, ansembe, shehe. Si aliyense wovala zoyera ku chipatala amene ali dokotala. Funsani ngati ndi namwino, mzamba kapena wothandiza dokotala. Munthu amene wangogwidwa ndi "woganiziridwa", ndipo sakhala wakuba kapena wopha nyama mozemba mpaka khoti litagamula. Dzina la mwana amene ali pa mlandu kapena wachitiridwa nkhanza silitchulidwa, ndipo musatchulenso makolo ake, sukulu yake kapena mudzi wake, chifukwa kuno tonse timadziwana.

Manambala

Kuyambira chimodzi mpaka khumi lembani m'mawu, mogwirizana ndi chinthu chowerengedwacho: munthu mmodzi, njovu ziwiri, mabanja atatu, minda inayi. Kupyola khumi lembani nambala: ana 46, matumba 120. Pa zisanu ndi chimodzi mpaka zisanu ndi zinayi pamafunika diso. "Njovu zisanu ndi ziwiri" zimamveka bwino, koma "amuna asanu ndi awiri akazi" zikhoza kumveka ngati amuna okha ndi asanu ndi awiri. Pakakhala magulu awiri, gawani ziganizo: "Agwidwa anthu asanu ndi awiri. Asanu ndi amuna, awiri ndi akazi."

Chiganizo chimodzi chisanyamule manambala opitirira awiri, ndipo nambala yaikulu muifupikitse. Thumba la ndalama za chitukuko cha dera lachisankho linakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Womvera ali pa njinga sangasunge madontho amenewo. Akamva kuti "kuchoka pa ndalama zosakwana K2 miliyoni kufika pafupifupi K26 miliyoni", wamva kukula kwa nkhaniyo. Koma mtengo wa thumba la chimanga, tsiku la malipiro ndi chiwerengero cha anthu omwalira sizifupikitsidwa, zimanenedwa ndendende.

Ndalama zilembedwe ndi K patsogolo, popanda mpata: K50, K1,500. Mpatuliro umasonyeza zikwi, mpumiro umasonyeza mangwee. K1,500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pamene K1.50 ndi kwacha imodzi ndi mangwee 50. Vuto lalikulu kuno lili m'kamwa mwa anthu. Pa 1 Januwale 2013 ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, K1,000 yakale n'kukhala K1. Akuluakulu ambiri akuwerengabe mwakale. Gogo akati anagulitsa mbuzi zake "miliyoni imodzi", angakhale akunena K1,000 ya lero. Liwu loti "pini" ndiye loopsa: kwa wina "faifi pini" ndi K5, kwa wina ndi K5,000. Musalilembe m'nkhani. Funsani kuti, "Ndalama imeneyi ingagule chiyani?" Yankho lake lidzakuuzani ngati ndi ya sopo kapena ya malata. Nkhani ikakhudza ochita malonda a ku Malawi, nenani kuti ndi kwacha ya dziko liti, pakuti dzina ndi limodzi koma mphamvu n'zosiyana.

Nambala iliyonse ikhale ndi muyeso wake. "Munda umodzi" sutiuza kanthu, chifukwa wina ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje, wina ndi munda wa thonje. Funsani malima. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ndiye kuti malima anayi ndi hekitala imodzi, imene ili pafupifupi maekala awiri ndi theka. Thumba likhale ndi kulemera kwake, monga "thumba la makilogalamu 50", ndipo nenani ngati chimangacho n'chotonola kapena chili ndi zitsononkho. Meda ndi tini zimasiyana msika ndi msika. Mukazitchula, mkonzi adzakufunsani kukula kwake. M'malo mwa chizindikiro cha peresenti lembani kuti "ana 30 mwa ana 100 alionse".

Masiku ndiwo amatipusitsa kawirikawiri. Kuno timati "mailo" ponena za dzulo komanso za mawa. Pokambirana timamvana, koma m'nkhani liwuli lisapezeke. Ngakhale "dzulo" ndi wosadalirika, chifukwa netiweki ikavuta uthenga wa Lachiwiri umafika Lachinayi. Lembani dzina la tsiku, deti ndi mwezi m'mawu: "Lachiwiri pa 3 Epulo". Musalembe 03/04, poti foni zina zimayamba ndi mwezi, zina ndi tsiku. Nthawi ilembedwe monga timawerengera m'Zambia, mpaka maola 24, ndipo muwonjezere mbali ya tsiku kuti agogo amve: 02:00 usiku, 14:00 masana.

Zidule

Lamulo lake n'lalifupi. Koyamba fotokozani m'chinenero chathu ntchito ya bungwelo, kenaka chidule chake, ndipo pambuyo pake chidule chokha chikwanira: "bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya la FRA", "pulogalamu ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo ya FISP", "thumba la chitukuko la CDF". Zilembo zonse zikhale zazikulu, popanda madontho pakati. Zidule zina zimawerengedwa ngati liwu, monga ZESCO, ZANIS ndi COMACO, zina lembo ndi lembo, monga FRA ndi CDF. Ngati chidule n'chachilendo, uzani mkonzi mmene eni ake amachitchulira. DACO ndi DEBS ndi maudindo a anthu, mkulu wa zaulimi ndi mkulu wa zamaphunziro m'boma, choncho nenani udindowo m'Chinyanja. Nkhani imodzi isapitirire zidule ziwiri. Zidule zanuzanu za pa foni, zodula mawu pofuna kusunga ndalama, zisalowe m'nkhani.

Chidule chimodzi chiyenera kutchulidwa pachokha. Anthu akuti "a ZAWA" mpaka lero, koma bungwelo linatha. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 linabwezera ntchitoyo m'boma, ndipo kuyambira 2016 ikugwiridwa ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, DNPW. Palinso masikauti a m'midzi, amene ali pansi pa mabodi a anthu oyang'anira zachilengedwe, a CRB, m'dera la Lupande loyandikana ndi paki ya South Luangwa. Onsewa amavala yunifolomu ndipo amayenda limodzi, koma owalemba ntchito ndi osiyana. Munthu akakuuzani kuti "a ZAWA abwera", funsani kuti ndi ati. Ngati mukubwereza mawu ake enieni, asiyeni monga wanenera; m'mawu anuanu lembani dzina lolondola.

Tikonze nkhani imodzi

Nachi chitsanzo chongopeka, chofanana ndi mauthenga amene amafika nthawi ya dzinja chimanga chikamakhwima:

"Mailo njobvu 7 zaononga minda 3 kwa mkanya ma 02. Azawa anabwela anaphonya tsabola. Cimanga ca 5 pin caonongeka. Uje anavulala ali ku kamoto. Amfumu ati boma itithandize. 03/04"

Mtolankhaniyu wagwira ntchito: anadzuka, anapita, anaona. Koma mkonzi sangapereke uthengawu kwa muulutsi asanafunse mafunso angapo. Mailo ndi liti, ndipo 03/04 ndi tsiku la ngoziyo kapena la kulemba? Yankho likubwera lakuti zinachitika usiku wa pa 2 kucha wa pa 3 Epulo, nthawi ya 02:00. "Kwa mkanya" ndi dziko lalikulu la Mfumu Mnkhanya, lokhala ndi midzi yambiri, ndiye pakufunika dzina la mudzi. Njovu zisanu ndi ziwirizo anaziwerenga ndani mumdima? Zikupezeka kuti ndi alonda a m'munda amene anatero, choncho nambalayo ikhala m'kamwa mwawo. Minda itatuyo, wina ndi wa malima awiri, iwiriyo ndi ya lima imodzi uliwonse. Pamodzi ndi malima anayi, hekitala imodzi.

"Azawa" aja akupezeka kuti ndi masikauti a m'midzi, ndipo sanaphonye kanthu: anaponya tsabola wothamangitsira njovu, njovuzo n'kuchoka. Kalembo kamodzi kakanawanyozetsa pa ntchito imene anaigwira bwino. "5 pin" ndi K5,000, ndipo ndi kuyerekeza kwa eni minda, osati kwa alangizi a zaulimi. Wovulalayo ndi bambo wamkulu. Dzina lake tidikira mpaka abale ake atadziwa ndi kuvomera. Kamoto ndi chipatala cha mishoni, ndiye chilembedwe ndi lembo lalikulu ndi kutchulidwa kuti chipatala. "Amfumu" amene analankhula ndi nyakwawa ya mudziwo, osati Mfumu Mnkhanya. Nkhaniyo ikutuluka motere:

"Bambo wina wavulala ndipo chimanga cha malima anayi chaonongeka njovu zitalowa m'minda itatu m'mudzi wakuti, kwa Mfumu Mnkhanya m'boma la Mambwe. Izi zachitika Lachiwiri pa 3 Epulo nthawi ya 02:00 usiku. Alonda a m'minda akuti anawerenga njovu zisanu ndi ziwiri. Masikauti a m'midzi anafika n'kuzithamangitsa ndi tsabola. Wovulalayo akulandira thandizo ku chipatala cha Kamoto. Eni minda akuyerekeza kuti chimanga choonongekacho ndi cha K5,000. Nyakwawa ya mudziwo yapempha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, DNPW, kuti itumize anthu ake kukaona mindayo."

Onani kuti munthu wovulala wabwera patsogolo pa chimanga, chiganizo chilichonse chanyamula mfundo imodzi, ndipo nambala iliyonse yosatsimikizika ili ndi mwini wake. Mafunso onse amene mkonzi wafunsa mukanatha kuwafunsa nokha muli pamundapo, anthu ake ali pomwepo, popanda kuwononga ndalama za foni kawiri.

Musanatumize

Werengani nkhani yanu mokweza kwa munthu wa pakhomo amene sanaone zimene zachitikazo, makamaka wachikulire. Mukatha, mufunseni akuuzeni kuti zachitika kuti, liti, walankhula ndani, ndipo ndalama ndi zingati. Pamene wakayika kapena wayankha zina, pamenepo m'pofunika kukonza. Kumapeto kwa uthenga lembani dzina lanu, mudzi umene muli, ndi tsiku ndi nthawi imene mwalemba, kuti mkonzi adziwe msinkhu wa nkhaniyo. Kumbuyo kwa kope lanu sungani tsamba la maina a mafumu, manyakwawa, masukulu, mitsinje ndi mawadi a kwanuko, olembedwa monga eni ake avomerezera, ndipo dzina latsopano lililonse muzilitumizanso kwa mkonzi kuti lilowe m'ndandanda wa tonse. Mukamva pa wailesi dzina, udindo kapena nambala ya m'nkhani yanu itatchulidwa molakwika, imbani tsiku lomwelo kuti tikonze pa nkhani zotsatira.